Kumanzere kapena kumanja pa ndale: mafunso ndi mayankho, poyesera pa thumba la feteleza

Ophunzira ambiri a kusekondale amaloweza kuti a kumanzere amakonda osauka ndipo a kumanja amakonda olemera. Yankho limeneli ndi lotsimphina, ndipo pa mayeso silipita patali. Mbali ziwirizi zimasiyana pa mafunso atatu: agamule ndani, alipire ndani, ndipo zinthu zisinthe mofulumira bwanji. Pano tiziyesa mbali zonse pa zinthu zimene wina aliyense wa ku Dedza ndi ku Ntcheu amazidziwa bwino, zomwe ndi feteleza, chimanga ndi msonkho. Manambala a ndalama amene ali m'zitsanzo zowerengera ndi ongoyerekeza kuti masamu aphweke, si mitengo ya lero.

Kodi mayina akuti kumanzere ndi kumanja anachokera kuti?

Anachokera ku France m'chaka cha 1789, pa nthawi imene anthu anaukira ulamuliro wa mfumu Louis XVI. M'nyumba ya malamulo, aphungu ofuna kuti mfumu ikhalebe ndi mphamvu zambiri ankakhala kudzanja lamanja la wapampando. Ofuna kuchepetsa mphamvuzo ndi kuthetsa maufulu apadera a anthu apamwamba ankakhala kumanzere. Mayinawo anakakamira mpaka lero.

Musasokoneze izi ndi mmene aphungu amakhalira m'nyumba za malamulo zotsata mwambo wa ku Britain. Kumeneko a mbali ya boma amakhala kumanja kwa sipikala ndipo otsutsa amakhala kumanzere, kaya chipanicho chimakhulupirira zotani. Chipani chikagwa pa chisankho chimasamuka mipando, koma mfundo zake sizisamuka.

Nanga kwenikweni amatsutsana pa chiyani?

A kumanzere amayamba ndi funso la kusiyana pakati pa anthu. Iwo amati mwana wobadwira m'banja la maganyu ndi mwana wobadwira m'banja la mwini esiteti sayambira pamalo amodzi, ndipo kusiyanako sikuchokera ku khama lawo. Choncho boma lilowererepo: litolere msonkho wochuluka kwa opeza bwino, lipereke maphunziro ndi chithandizo cha kuchipatala kwa onse, liteteze ogwira ntchito kwa mabwana awo.

A kumanja amayamba ndi funso lina: chuma chogawanacho chimachokera kuti? Iwo amati munthu amalimbikira akadziwa kuti chimene wakolola ndi chake ndipo boma silimulanda. Amakhulupirira kuti mtengo wogwirizana pakati pa wogula ndi wogulitsa umanena zoona kuposa mtengo wolembedwa mu ofesi ku Lilongwe. Ambiri mwa iwo amakondanso kuti banja, mpingo, mafumu ndi miyambo zisagwedezedwe mwachisawawa, chifukwa zinamangidwa pang'onopang'ono ndipo kuzigwetsa n'kosavuta kusiyana ndi kuzimanganso.

Onse awiri amanena kuti akufuna umphawi uthe. Mkangano uli pa njira, komanso pa chimene aliyense amaopa kwambiri. Wa kumanzere amaopa munthu wachuma wopanda womuletsa. Wa kumanja amaopa boma lopanda woliletsa.

Kodi njira zilipo ziwiri zokha?

Ayi. Pa msinkhu wa sekondale ndi bwino kudziwa zinayi, ndipo tizione mmene iliyonse ingachitire ndi mlimi wa ku Bembeke amene ali ndi ekala imodzi.

Kumanzere kwenikweni kuli komyunizimu ndi sosholizimu ya boma, zochokera ku maganizo a Karl Marx. Kumeneko minda ikuluikulu, mafakitale ndi malonda akuluakulu zimakhala za boma kapena za gulu. Mlimi uja sagula feteleza kusitolo ya munthu. Boma limamugawira mlingo wake, ndipo zokolola amagulitsa kuboma pa mtengo umene boma lanena.

Pafupi ndi pakati, koma chakumanzere ndithu, pali demokalase yosamala anthu, ngati ya ku Sweden ndi Norway. Munda ndi wa mlimi, sitolo ndi ya mwini wake, koma boma limatolera msonkho wokwera n'kuchepetsa mtengo wa zinthu zofunika. Mlimi amagula feteleza pa mtengo wotsika, boma n'kumalizitsa zotsalazo.

Chakumanja kuli okhulupirira msika womasuka. Margaret Thatcher, amene analamula Britain kuyambira 1979 mpaka 1990, ndiye chitsanzo chotchuka. Iwo anganene kuti boma lisagule feteleza wa munthu. Ntchito yake ikhale yokonza misewu ndi njanji kuti feteleza afike motchipa kuchokera kudoko la Beira kapena Nacala, kuletsa makampani kugwirizana pa mitengo, ndi kuonetsetsa kuti makhothi akugwira ntchito.

Njira yachinayi ndi ya osunga mwambo. Iwonso ali kumanja, koma nkhawa yawo yaikulu ndi bata ndi khalidwe, osati msika. Atha kuvomera kuti boma lithandize alimi ngati kutero kukusunga mabanja kumudzi ndi kupewa chisokonezo. Otto von Bismarck wa ku Germany anali wosunga mwambo wotheratu, komabe ndi iye anayambitsa inshuwalansi ya zaumoyo ya ogwira ntchito mu 1883 ndi penshoni ya okalamba mu 1889. Anatero pofuna kuti ogwira ntchito asathamangire kwa asosholizimu. Apa mwaona kale kuti ndondomeko imodzi ikhoza kubadwa ku mbali zosiyana pa zifukwa zosiyana.

Tiyeni tione feteleza wotsika mtengo. Mkangano wake uli pati?

Yambani ndi mfundo ya a kumanzere, chifukwa ndi yamphamvu. Tiyerekeze kuti thumba la makilogalamu 50 likugulidwa K100,000. Mlimi akufuna matumba awiri, wokulitsa ndi wobereketsa, ndiye kuti K200,000. Tinene kuti fetelezayo amuonjezera matumba 10 a chimanga. Akagulitsa nthawi yokolola pa K18,000 thumba, apeza K180,000, kutanthauza kuti waluza K20,000. Akanatha kusunga mpaka Januwale n'kugulitsa pa K40,000 akanapeza K400,000, koma wosauka sasunga, chifukwa fizi ya mwana, ngongole ya banki m'khonde ndi matenda sizidikira Januwale. Ndiye mlimi wotere akasiyidwa yekha ndi msika sagula feteleza, amakolola zochepa, ndipo chaka chamawa amakhala wosaukirapo. A kumanzere amati msampha uwu munthu sangadzitulutsemo yekha.

Maganizo amenewa ndi amene anabala ndondomeko ya makuponi mu 2005, pa nthawi ya Bingu wa Mutharika, komanso ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo imene boma la Lazarus Chakwera linayamba mu 2020 thumba likugulidwa K4,495.

Tsopano mverani a kumanja, amene amatulutsa kakyuleta. Ngati mlimi akulipira K20,000 pa thumba la K100,000, boma likumalizitsa K80,000. Pa matumba awiri ndi K160,000. Alimi akakhala 1 miliyoni, ndalamayo ndi K160 biliyoni pa chaka chimodzi. Feteleza amagulidwa kunja ndi madola. Kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 pa 100 aliyonse mu Novembala 2023, thumba lija likhoza kufika K140,000. Boma likasunga lonjezo la K20,000, tsopano likumalizitsa K120,000 pa thumba, K240,000 pa mlimi. Ndi K160 biliyoni yomwe ija lingathandize alimi pafupifupi 667,000 okha. Mmodzi mwa atatu aliwonse wagwa pa mndandanda popanda wina kumuchotsa mwadala. Mukamva kumudzi kuti chaka chino mayina atuluka ochepa, nthawi zambiri gwero lake ndi masamu amenewa.

Vuto lachiwiri limaonekera pamalo ogulitsira penipeni. Mlimi wosaukitsitsa, amene ndondomekoyi inapangidwira, mu Novembala alibe ngakhale K20,000 ija. Venda amamupatsa K30,000 kuti agwiritse ntchito dzina lake, n'kulipiranso K20,000 ya thumba. Venda wawononga K50,000, ndipo akakagulitsa thumbalo pa K90,000 wapindula K40,000. Tsatirani K80,000 ya boma ija: mlimi walandira K30,000, venda K40,000, wogula womaliza wapulumutsa K10,000. Wosauka wapeza zosakwana theka. Chizindikiro chake n'chosabisika. Mukaona mavenda atazungulira malo ogulitsira ndi ndalama m'manja, kapena feteleza wa ndondomekoyi akugulitsidwa m'mapepala a kilo imodzi pamsika, dziwani kuti thandizo likudontha.

Vuto lachitatu ndi nthawi. Wokulitsa amafunika mbewu ikangomera, wobereketsa pakatha masabata atatu kapena anayi. Feteleza wofika chimanga chitamasula ndi ndalama yotayika, ngakhale m'mabuku a boma alembe kuti mlimi walandira.

A kumanzere akamva zonsezi savomera kuti ndondomekoyi ithe. Amati ikonzedwe: feteleza agulidwe msanga, mayina asankhidwe poyera, ndipo osaukitsitsa apatsidwe ndalama m'malo mwa feteleza, monga zimachitikira pa Mtukula Pakhomo amene anayambira ku Mchinji mu 2006. Chodabwitsa n'chakuti ambiri a msika womasuka amavomera mfundo yomalizayi, chifukwa ndalama m'manja sisokoneza mitengo ya pamsika ndipo munthu amasankha yekha chogula. Pamenepa mbali ziwirizi zimayandikana kuposa mmene zimamvekera pa misonkhano.

Bwanji boma osangolamula mtengo wa chimanga kuti aliyense akwanitse?

Pali mitengo iwiri imene boma lingalamule, ndipo ophunzira amaisokoneza kawirikawiri. Wina ndi mtengo wotsikitsitsa wogulira kwa mlimi, woteteza wolima. Wina ndi mtengo wokweretsetsa wogulitsira kwa anthu, woteteza wogula. Yonse iwiri ndi njira za kumanzere, ndipo iliyonse ili ndi pogwera pake.

Chaka ndi chaka unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yotsikitsitsa ya mbewu. Mtengo umenewu umagwira ntchito pokhapokha pakhale wogula wamkulu, monga Admarc, amene ali pamsika ndi ndalama mu Epulo ndi Meyi. Akachedwa mpaka Ogasiti, alimi ambiri amakhala atagulitsa kale kwa mavenda pa mtengo wotsika, ndipo amene amadzapindula ndi mtengo wabwino wa boma ndi mavenda omwe aja. Lamulo lopanda ndalama kumbuyo kwake silikweza mtengo wa ndowa imodzi.

Mtengo wogulitsira nawo uli ndi vuto lake. Tiyerekeze kuti pamsika thumba lili pa K40,000 koma boma lalamula kuti pamsika wake likhale K25,000. Aliyense amathamangira kotchipako, chimanga sichikwana, ndipo amayamba kugulitsa makilo ochepa pa munthu. Anthu amagona pamzere. Pa thumba lililonse pali K15,000 yongoyembekezera woitola, ndiye ena amalemba anthu aganyu oima pamzere kuti akagulitsenso kunja. Boma likalamulanso amalonda onse kugulitsa pa K25,000, chimanga chimasowa pamsika, chifukwa amachibisa kapena kuchiwolotsa malire. Kwa ife kuno malirewo si akutali: m'madera ena a Ntcheu, monga pa Lizulu, msewu waukulu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique.

Izi sizitanthauza kuti boma lisakhudze chimanga. Nkhokwe za dziko zosungira chimanga cha nthawi ya njala zimathandiza ngati chagulidwa nthawi yokolola n'kutulutsidwa mu Disembala mpaka Febuluwale. Njira imeneyi imatsitsa mtengo poonjezera chimanga pamsika, osati poopseza wogulitsa, ndipo m'maganizo athu ndi yolimba kuposa kungolamula mtengo.

Ndiye kuti msika womasuka ndiwo wabwino?

Msika umagwira bwino ntchito pakakhala zinthu zitatu: ogula ambiri opikisana, wogulitsa wodziwa mitengo ya kwina, ndi mphamvu yokana. Pitani pa Lizulu tsiku la msika muone kachewere, kabichi ndi tomato. Palibe ofesi imene inalamula kuti malole abwere kuchokera ku Blantyre ndi Lilongwe, koma amabwera, ndipo mlimi akakana mtengo wa woyamba amadikira wachiwiri. Pamenepo a kumanja amalondola. Palibe nduna imene ikanakonza zonsezo ndi cholembera.

Tsopano lowani mkati, makilomita 30 kuchoka pa tala, nthawi ya dzinja msewu utaonongeka. Kumabwera wogula mmodzi ndi sikelo yake. Tomato sadikira mawa. Mlimi sangakane, sangatsimikize ngati sikeloyo ikunena zoona, ndipo sadziwa mtengo wa mu mzinda. Uwu ndi msika pa dzina lokha, chifukwa mpikisano palibe.

Dziko lino linalawako zonse ziwiri. Admarc inakhazikitsidwa mu 1971 ndipo inali ndi misika mpaka kumidzi yakutali, koma inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono motchipa, phindu lambiri n'kupita ku maesiteti ndi makampani akuluakulu. Kuyambira 1981 boma linayamba kusintha kayendetsedwe ka chuma motsatira ngongole za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi IMF, ndipo mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi. Okhala pafupi ndi misewu anapeza ogula ambiri. Okhala kutali, kumene misika ina ya Admarc inatsekedwa, anatsala ndi wogula mmodzi kapena opanda wogula.

Nanga pa msonkho amasiyana bwanji?

Tengani anthu awiri: mlonda wolandira K100,000 pa mwezi ndi manijala wolandira K2,000,000.

Ena a kumanja amakonda msonkho wofanana, tinene 10 pa 100 aliyonse kwa aliyense. Mlonda alipira K10,000, manijala K200,000. Iwo amati ichi ndi chilungamo, pakuti lamulo ndi limodzi kwa onse, n'losavuta kuwerengera, ndipo silimulanga munthu chifukwa chokwezedwa pantchito.

A kumanzere amati K10,000 ya mlonda ndi ndiwo za sabata yonse, pamene K200,000 ya manijala sisintha chimene adye. Amafuna msonkho wokwera ndi malipiro. Tiyerekeze kuti K100,000 yoyamba siidulidwa, kuchokera pamenepo kufika K500,000 amadula 10 pa 100, ndipo yopitirira apo amadula 20 pa 100. Mlonda salipira kalikonse. Manijala salipira pa K100,000 yoyamba, amalipira K40,000 pa K400,000 yotsatira, ndi K300,000 pa K1,500,000 yotsala. Zonse pamodzi ndi K340,000, yomwe ndi 17 pa 100 ya malipiro ake. Cholakwika chimene ophunzira ambiri amachita ndi kudula 20 pa 100 pa malipiro onse n'kupeza K400,000. Mlingo wapamwamba umagwira gawo lapamwamba lokha. Msonkho wa pamalipiro m'Malawi umatsata njira ya magawoyi, ngakhale milingo yake imasintha ndi bajeti.

Pogwera pa njira imeneyi ndi apa: imagwira okhawo olembedwa ntchito, monga aphunzitsi, anamwino ndi a m'makampani. Wamalonda amene ali ndi malole atatu koma salemba kalikonse amadutsa pansi. Msonkho ukakwera kwambiri, anthu ochuluka amathawira ku malonda osalembetsa, ndipo boma limatolera zochepa kuposa mmene linkayembekezera.

N'chifukwa chake maboma amadalira kwambiri msonkho wa pa katundu, umene umabisala mu mtengo wa sopo ndi zovala. Tinene kuti pa K100 iliyonse imene munthu wawononga pa katundu wotere, K15 ndi msonkho. Mlonda akawononga K60,000 walipira K9,000, yomwe ndi 9 pa 100 ya malipiro ake. Manijala akawononga K600,000 walipira K90,000, yomwe ndi 4.5 pa 100 chabe. Ndalama ya manijala ndi yambiri, koma mtolo walemera pa mlonda. Boma likhoza kulankhula za kumanzere pa feteleza kwinaku likutolera ndalama ya fetelezayo m'njira yopweteka osauka omwewo, ndiye poweruza boma muziona mbali zonse ziwiri za bajeti, kumene ndalama ikupita ndi kumene ikuchokera.

Kodi sosholizimu yeniyeni inayesedwapo kufupi ndi kuno?

Inayesedwa kutsidya kwa msewu. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975 pansi pa Samora Machel, chipani cha Frelimo chinalengeza mu 1977 kuti chikutsata maganizo a Marx ndi Lenin. Boma linatenga sukulu, zipatala ndi nyumba za lendi, linatsegula minda ya boma, linasonkhanitsa anthu m'midzi ya pamodzi, ndipo linachotsera mafumu mphamvu powaona ngati otsalira a ulamuliro wa Apwitikizi. Katemera ndi sukulu za kwacha zinafika kwa anthu ambiri amene atsamunda anawaiwala. Koma ndalama zambiri za ulimi zinapita ku minda ya boma m'malo mwa alimi wamba, masitolo akumidzi analibe katundu, ndipo mlimi sanaone chifukwa chogulitsira mbewu n'kulandira ndalama yopanda chogula.

Pamayeso musalembe kuti sosholizimu yokha ndiyo inagwetsa Mozambique. Gulu la Renamo, lothandizidwa ndi boma la azungu la Rhodesia kenako la South Africa, linamenya nkhondo yoopsa mpaka 1992, likuotcha sukulu ndi zipatala zomwezo. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira m'Malawi, ndipo Dedza ndi Ntcheu anali mwa maboma amene analandira ambiri. Makolo anu ambiri amakumbukira misasa ya othawa kwawo. Frelimo inasiya maganizo a Marx mu 1989.

Ku Tanzania, Julius Nyerere analengeza mfundo za Ujamaa ku Arusha mu 1967. Poyamba kulowa m'midzi ya Ujamaa kunali kodzifunira, koma kuyambira 1973 anthu anasamutsidwa mokakamiza. Odziwa kulemba ndi kuwerenga anachuluka kwambiri ndipo dziko linagwirizana, koma ulimi unabwerera m'mbuyo. Mayiko onse awiri anakhumudwa pa mwala umodzi: kusukulu ndi kuchipatala boma linatha kuchita zambiri, koma kumunda mlimi sanalimbikire pa zokolola zimene sakanazilamulira.

Kamuzu Banda anali mbali iti?

Funso ili ndi lothandiza chifukwa likuonetsa kuti mzere umodzi sukwana. Pa ubale ndi mayiko akunja anali kumanja kotheratu: ankadana ndi komyunizimu, anapalana ubwenzi ndi Taiwan, ndipo mu 1967 anatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa. Pa chikhalidwe analinso wosunga mwambo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali.

Pa chuma nkhani ndi yosakanikirana. Ankalimbikitsa maesiteti a anthu ndi makampani, zomwe ndi za kumanja. Koma msika sunali womasuka: boma ndilo linkalamula mitengo ya mbewu, ndipo alimi ang'onoang'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka 1990. Boma linali ndi dzanja lalitali pa chuma, koma dzanjalo silinkagawa kuchoka kwa olemera kupita kwa osauka. Choncho kukula kwa boma pakokha si chizindikiro cha kumanzere. Muzifunsa kuti boma likulowererapo mokomera yani.

Njira yabwino ndi kujambula mizere itatu pa pepala. Woyamba ukhale wa chuma, kuchokera ku boma kupita ku msika. Wachiwiri ukhale wa chikhalidwe, kuchokera ku kusintha kupita ku kusunga mwambo. Wachitatu ukhale wa ufulu, kuchokera ku demokalase kupita ku nkhanza. Ikani mtsogoleri pa mzere uliwonse payekha. Mzere wachitatuwu sudalira iwiri inayo. Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, anali kumanzere ndipo anthu mamiliyoni anafa ndi njala mu 1932 ndi 1933 atawalanda minda ndi zokolola. Hitler ndi boma la tsankho la South Africa anali kumanja. Banda ndi Machel anali mbali zotsutsana, koma onse ankalamula dziko la chipani chimodzi.

Ndiye kuti mafumu onse ndi a kumanja, popeza amasunga mwambo?

Ufumu ngati mpando ndi chinthu chimene osunga mwambo amateteza, ndipo taona kuti Frelimo inayesa kuuchotsa. Koma wokhala pampandopo akhoza kusintha zinthu kwambiri. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, malemu mayi Theresa Kachindamoto, inatchuka pothetsa maukwati ambirimbiri a ana n'kuwabwezera kusukulu, ndipo inagwiritsa ntchito mphamvu za ufumu zomwezo poimitsa nyakwawa zimene zinkavomereza maukwatiwo. Cholinga chinali chosintha, chida chinali cha makolo. Aphungu nawo mu 2017 anasintha malamulo oyendetsera dziko kuti pasakhale wokwatira kapena kukwatiwa asanakwane zaka 18.

Tingadziwe bwanji mbali ya chipani cha kuno kwathu?

Zipani zikuluzikulu za m'Malawi sizigawanika bwino pa mzere umenewu. Pa chisankho cha 1994 mavoti anatsata kwambiri zigawo: Bakili Muluzi kummwera, Kamuzu Banda pakati, Chakufwa Chihana kumpoto. Boma la Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, zomwe ndi za kumanzere, ndipo boma lomwelo linagulitsa makampani ambiri a boma potsatira lamulo la 1996, zomwe ndi za kumanja. Kuyambira 2005 palibe chipani chachikulu chimene chalimba mtima kupita kwa ovota n'kunena kuti chithetseratu feteleza wotsika mtengo. Malamulo oyendetsera dziko nawo anaima pakati: gawo 13 limakamba zolera chuma cha msika pamodzi ndi kuika ndalama mu zaumoyo ndi maphunziro, gawo 28 limateteza katundu wa munthu, ndipo gawo 30 limapereka ufulu wa chitukuko.

Choncho m'malo moika chizindikiro pa chipani chonse, tengani lonjezo limodzi m'manifesito n'kulifunsa. Tinene kuti chipani chalonjeza kuti nthochi, nyemba ndi kachewere azigulidwa ndi bungwe la boma pa mtengo wokhazikika. Wogamula mtengo ndi boma, ndiye pa mzere wa chuma lonjezoli lili kumanzere. Wolipira ndi wokhometsa msonkho ngati bungwelo liluza, kapena mlimi ngati bungwelo ligula motchipa kuti lipindule, ndipo apa ndi pamene muyenera kukumbukira Admarc ya m'zaka za m'ma 1970. Funsaninso ngati mlimi adzaloledwa kugulitsa kwa wina. Akaloledwa, ndi demokalase yosamala anthu, boma likungoika pansi poti mtengo usadutse. Akaletsedwa, ndi sosholizimu ya boma. Pomaliza onani katunduyo: nyemba zimasungika miyezi, koma kachewere ndi nthochi zimaola msanga, ndiye bungwe lopanda mosungira mozizira ndi malole okwanira lidzataya zambiri mwa zimene lagula, ndipo chaka chotsatira lidzasowa ndalama yogulira.